Ziphuphu zikuluzikulu zija musamazifinye chonde

Makolo anzanga kuno ku Angónia, mwana wanga wa zaka 15 anali ndi ziphuphu zolimba zowawa pachibwano, zopanda mutu, iye nkumafinya pagalasi tsiku lililonse. Chiphuphu choterocho mafinya ali mkati kwambiri, ukafinya thumba lake limaphulikira mkati momwemo ndiye chimatupa kuposa kale, kenako chimasiya banga lakuda kapena dzenje losatha.

Asambe kumaso kawiri patsiku ndi sopo wofewa, osakwecha, ayikepo kansalu kofunda mphindi 10. Vaselini ndi mafuta oyeretsa khungu ayi ndithu, amaonjezera. Ku famasi kuli mankhwala opaka otchedwa benzoyl peroxide, apake pang'ono usiku, amaumitsa khungu koma dikirani miyezi iwiri kuti muone kusintha. Zikamasiya zipsera pitani naye kuchipatala, zozamazo zimafuna mapiritsi.