Chithunzi cha pa pulojekita chakokeka? Konzani chonchi

Amene mumayenda m'mawekishopu a ku Senga Bay kapena m'maholo a pa boma pa Salima mwaziwonapo izi: laputopu yalumikizidwa bwinobwino, chithunzi chatuluka pakhoma, koma anthu onse a pachithunzicho atalika ngati nsungwi, kapena anenepa mwadzidzidzi. Wina athamangira kusuntha tebulo, wina ayika mabuku pansi pa pulojekita. Musavutike, tebulo silinalakwe. Vuto ndi loti sikirini ya laputopu ndi ya pulojekita sizofanana mapangidwe.

Mapulojekita ambiri akalekale amene akuzungulira m'masukulu ndi m'matchalitchi muno ndi a madontho 1024 x 768, amene amalembedwa XGA, ndipo chithunzi chake ndi cha 4:3, kutanthauza kuti m'lifupi magawo anayi, kukwera magawo atatu. Pomwe malaputopu a masiku ano ambiri ndi 1366 x 768 kapena 1920 x 1080, omwe ndi 16:9, otambalala. Ndiye chithunzi chotambalala chija chikakakamizidwa kudzaza malo a 4:3, china chilichonse chimatalika ndi gawo limodzi mwa atatu.

Choyamba dziwani nambala yeniyeni ya pulojekitayo. Onani pa bokosi lake, m'kabuku kake, kapena werengani dzina la makinawo pa sitika ili pansi n'kulifufuza pa foni. XGA ndi 1024 x 768, WXGA nthawi zambiri ndi 1280 x 800 yomwe ndi 16:10, Full HD ndi 1920 x 1080. Musanamizidwe ndi zolemba zoti imalandira 1080p, kulandira ndi kwina, madontho amene ili nawo mkatimo ndi kwina.

Tiyerekeze kuti laputopu yanu ndi ya 1920 x 1080, pulojekita ya pa holo ndi XGA. Tsegulani PowerPoint mujambule chozungulira mutagwira Shift, kuti chikhale chozungulira chenicheni. Chimenecho ndiye muyeso wanu, chikawoneka ngati dzira pakhoma ndiye kuti zinthu sizinakhale bwino.

Kenako pa kiyibodi dinani batani la Windows ndi la P limodzi. Anthu ambiri amasiya pa Duplicate, yowonetsa pakhoma zomwe zili pa laputopu, chifukwa n'kosavuta, koma pamenepo masikirini awiriwo amakakamizika kugwiritsa nambala imodzi, ndiye imodzi iyenera kuluza basi. Ine ndimakonda Extend, chifukwa iliyonse imakhala ndi nambala yake. Mukasankha Extend, dinani batani lakumanja la mausi pa desikitopu, lowani Display settings, dinani bokosi lolembedwa 2 (mukakayika kuti ndi liti dinani Identify), mutsike mpaka pa Display resolution musankhe 1024 x 768, kenako Keep changes. Mukachedwa kuvomera imabwerera yokha pakale, ndiye osamangoyang'ana kukhoma.

Ngati mukufunabe Duplicate, mwina poti mukuphunzitsa anthu Excel ndipo mukufuna kuwona zomwe iwo akuwona, ikaninso 1024 x 768 yomweyo. Laputopu ikhala ndi mizere yakuda m'mbali, zisiyeni choncho, ofunika ndi anthu ali m'holowo.

Tsopano yambitsani Slide Show kuti chozungulira chija chiwoneke pakhoma. Chikadali dzira? Tengani rimoti ya pulojekita, pali batani la Aspect, ngati palibe lowani mu Menu. Kawirikawiri mupeza kuti wina anasiya pa 16:9 kapena Full tsiku lomwe ankawonetsa mpira, ndiye bwezani pa Auto, Normal kapena 4:3. Zikakanikabe pitani ku pulogalamu ya Intel, AMD kapena NVIDIA ya pa laputopu, pomwe pali Scale kapena Scaling musankhe mawu okhala ndi Aspect Ratio, osati Stretch kapena Full Screen.

Nthawi zina 1024 x 768 imakhalapo koma Windows ikuvomereza nambala ina yosadziwika bwino, apo muziganizira chingwe. Pulojekita imauza laputopu nambala zake kudzera m'chingwe momwemo, ndiye chingwe cha VGA chothyoka mano kapena tiadaputa totchipa ta HDMI kupita ku VGA timatha kutaya uthengawo. Zulani mulumikizenso, mangani tizomangira ta VGA, dinani Auto pa rimoti, zikakana bwerekani chingwe china.

Chatsala ndi masilaidi enieniwo. Kuyambira PowerPoint 2013 masilaidi atsopano amabwera ali 16:9, ndiye pa XGA mudzawona mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Chimenecho si chilema ayi, chithunzi chili bwino, changochepa: chikugwiritsa mizere ya madontho 576 mwa 768. Mukafuna chidzaze, pitani Design, Slide Size, Standard (4:3), musankhe Ensure Fit chifukwa Maximize imatha kudula zolemba m'mbali, kenako muyang'anenso silaidi iliyonse anthu asanalowe.

Koma chithunzi chikakhala chotambalala kumwamba, chopanikizika pansi, imeneyo ndi nkhani ina, pulojekita yaloza m'mwamba. Ndi pokhapo pomwe tebulo ndi mabuku aja zikukhudzidwa: ikwezeni iyang'ane khoma mowongoka, chotsalacho mukonze ndi Keystone ya pa pulojekitapo.