Kupempha Makina Kuti Ayankhe m'Chilankhulo Chanu: Poyang'anitsitsa ndi Pati?

Anthu ambiri akayamba kugwiritsa ntchito mapulogalamu oyankha mafunso, monga ChatGPT, Gemini kapena Claude, amadabwa akaona makinawo akuyankha m'Chichewa. Chiganizo chimatuluka chosalala, moni ali pamalo pake, munthu n'kuganiza kuti basi ntchito yatha. Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Kusalala kwa chiganizo ndi kulondola kwa uthenga ndi zinthu ziwiri, ndipo m'zilankhulo zimene zili ndi zolembedwa zochepa, ziwirizi zimatalikirana kwambiri kuposa m'Chingerezi. Zitsanzo zanga ndi za Chichewa, koma vutoli ndi lomwelo pa chilankhulo chilichonse cha mtundu umenewu.

Makinawa amaphunzira chilankhulo powerenga zolembedwa zochuluka zedi, makamaka za pa intaneti, n'kuzolowera kuti mawu akuti amatsatana ndi mawu akuti. Ndiye funso n'lakuti anawerenga zochuluka bwanji m'chilankhulo chanu. Pulogalamu ya GPT-3, yomwe inatuluka mu 2020, pa mawu 100 alionse amene inaphunzirapo, pafupifupi 93 anali a Chingerezi. Zilankhulo zina zonse za padziko zinagawana 7 otsalawo. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, pomwe ya Chichewa ili ndi zongopitirira pang'ono 1,000. Mapulogalamu atsopano achita bwinoko kuposa akale, koma kusiyanaku sikunathe, chifukwa kuchuluka kwa anthu olankhula chilankhulo sikuthandiza makina ngati zimene amalankhulazo sizinalembedwe poti makinawo angazipeze.

Chinanso ndi mtundu wa zochepa zimene zilipozo. Baibulo lonse lakhala lili m'Chichewa kuyambira 1922, ndipo gawo lalikulu la Chichewa cholongosoka cha pa intaneti ndi mabuku achipembedzo omasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, kuphatikizapo nkhani za m'nyuzipepala. N'chifukwa chake mukapempha kalata wamba nthawi zina imamveka ngati ulaliki, koma mukafuna mawu a kugalaja, a kuchipatala kapena a kumunda, makinawo amasowa pogwira. Ndipo akasowa mawu sanena kuti asowa. Amabwereka ku Chiswahili kapena ku Chishona, kapena amapeka mawu ooneka ngati Chichewa omwe palibe munthu anawamvapo.

Tiyeni titenge ntchito imodzi tiione pafupi. Tiyerekeze kuti muli ndi lebulo ya mankhwala opopera mbewu yolembedwa m'Chingerezi, ndipo mukufuna kapepala kachidule koti alimi awerenge okha. Lebuloyo ikuti sakanizani mamililita 30 a mankhwala m'malita 15 a madzi, musapopere kukamawomba mphepo, munthu asalowe m'munda mpaka patadutsa maola 24, musakolole mpaka patadutsa masiku 14, ndipo mukamaliza musambe, muchape zovala, mutsuke sipuleya. Manambalawa ndi ongoyerekeza, enieni amakhala pa lebulo ya mankhwala amene mwagwirawo.

Cholakwa choyamba chimene anthu amachita ndi kupempha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Amalemba dzina la mankhwala n'kufunsa m'Chichewa kuti asakanize bwanji. Pamenepo mwawapatsa makinawo katundu pawiri, kukumbukira mlingo ndi kuuyala m'chilankhulo chimene sanachizolowere, ndipo akalakwitsa simudziwa kuti chalakwika ndi chiti. Mfundo zichokere kwa inu. Koperani zimene zili pa lebulo, mawu ndi mawu, muwapatse, ntchito yawo ikhale yongozinena m'Chichewa. Ngati mfundozo mulibe ndipo mumatha chilankhulo china chokhala ndi zolembedwa zambiri, yambani mwazipeza m'chilankhulo chimenecho, muzitsimikize kwa wodziwa, kenako ndiye mubwere ku Chichewa.

Popempha, tchulani chilankhulo ndi dzina lake, ndipo ngati chili ndi mayina awiri, monga Chichewa ndi Chinyanja, nenani kuti mukufuna kalankhulidwe ka kuti. Nenaninso amene akawerenge, kuti ndi anthu akuluakulu oyenera kuwatchula kuti inu osati iwe, popeza Chingerezi chili ndi liwu limodzi pa zonsezi ndipo makina amangosankha mwachisawawa. Apatseni mawu a ntchitoyo amene anthu amagwiritsadi ntchito: kupopera, sipuleya, mlingo, magolovesi. Auzeni kuti manambala onse akhale m'zilembo za manambala, komanso kuti liwu limene alibe alisiye mmene lilili, asapeke. Chimene ine ndaona kuti chimathandiza kuposa zonsezi ndi kuikapo ndime imodzi yolembedwa bwino ndi munthu, ya nkhani yofanana, n'kunena kuti atsanzire kalembedwe kameneko. Makinawa amatsanzira bwino kuposa mmene amamvera malangizo.

Yankho likabwera, musayambe ndi kuwerenga kuyambira pamwamba ngati nkhani, chifukwa kusalala kuja kukugonetsani tulo. Yambani ndi manambala, muwayerekeze limodzi ndi limodzi ndi a pa lebulo: 30, 15, 24, 14, pamodzi ndi miyezo yake. Mamililita akasanduka malita, kapena maola akasanduka masiku, chiganizo chimakhalabe chokoma m'khutu.

Kenako fufuzani zoletsa zonse. M'Chichewa kuletsa kumabisala m'kati mwa mneni, m'kachidutswa ka zilembo ziwiri. Mukolole ndi musakolole zimasiyana ndi sa yekha. Pa chitsanzo chathu, chiganizo cholondola ndi chakuti musakolole masiku 14 asanathe. Chikatuluka chakuti mukolole masiku 14 asanathe, galamala yake ilibe banga, koma mwauza mlimi kuti athamangire kukolola mankhwala akadali pa mbewu. Mawu a nthawi monga mpaka, pasanathe, pakatha ndi patadutsa ndi amene amasokonekera kawirikawiri, ndiye paliponse pamene pali nambala ya masiku kapena maola, werengani kawiri, n'kudzifunsa kuti munthu wotsatira chiganizochi achita chiyani patadutsa masiku asanu.

Tsopano tifike pa mneni, pamene ine ndimathera nthawi yambiri. Chingerezi chili ndi liwu limodzi pa kusamba, kuchapa ndi kutsuka. Ife timasamba m'manja, timachapa zovala, timatsuka sipuleya. Makina amene maganizo ake ayalidwa pa Chingerezi amatha kutenga limodzi mwa atatuwa n'kulimwaza paliponse, mpaka kuuza mlimi kuti achape manja ndi kusamba sipuleya. Chimodzimodzi pa mankhwala a kuchipatala, pamene Chingerezi chimagwiritsa ntchito liwu la kutenga, makina n'kulemba kuti tengani mapiritsi awiri m'malo mwa imwani. Wowerenga wina aseka n'kumvetsa, koma wina atengadi mapiritsiwo n'kuwasunga. Ndipo kapepala kakangosekedwa, ngakhale chenjezo lake lenileni silimvekanso ngati chenjezo.

Pali njira imene ambiri amaidalira poyesa yankho, yobweza Chichewacho ku Chingerezi kuti aone ngati chikufanana ndi choyamba chija. Njirayi ili ndi ntchito yake. Imagwira nambala yosintha, chiganizo chodumphidwa, ndipo nthawi zambiri imagwira sa wosowa uja. Koma pa vuto la kusamba ndi kuchapa ilibe maso, chifukwa kuchapa manja kukabwerera ku Chingerezi kumakagwera pa liwu limodzi lomwe lija, n'kuoneka kolondola kotheratu. Kunena zoona, Chichewa chikakhala chotengera Chingerezi kwambiri ndi pamene chimabwerera bwino kwambiri. Choncho kubweza kukakuonetsani cholakwa, chikhulupirireni, koma kukapanda kuonetsa kanthu sikuti kapepalako kapambana mayeso. Ngati mukubweza, chitani pa pulogalamu ina kapena pa zokambirana zatsopano, kuti makinawo asangokopera mawu oyamba amene akuwaonabe pamwamba. Musawafunsenso makina omwewo ngati Chichewa chawo chili bwino, popeza khutu limene linalakwitsa ndi lomwelo mukulifunsa.

Mayeso enieni ndi munthu. Perekani kapepalako kwa wolankhula chilankhulocho amene sanaone lebulo, awerenge mokweza, kenako akufotokozereni m'mawu ake zimene angachite. Pamene wapunthwa powerenga, ikanipo chizindikiro, chifukwa nthawi zambiri pamenepo pamakhala liwu lopeka kapena mgwirizano wa mawu wasokonekera, monga mankhwala amene mwasakaniza m'sipuleya ndi choopsa m'malo mwa ndi oopsa. Zoterezi zimachuluka dzina likatalikirana ndi mawu olifotokoza.

Kutalika kwa yankho nakonso kuli ndi mbali yake. Makina sawerenga liwu lathunthu, amaliduladula m'tizidutswa, ndipo kadulidweko kanakonzedwa potengera zilankhulo zimene zinali zochuluka pophunzira. Liwu lofala la Chingerezi limakhala kachidutswa kamodzi, pomwe liwu ngati sindinamuonenso limaphwanyika kangapo, mosatsata ngakhale malire ake enieni a si, ndi, na, mu. Zotsatira zake n'zakuti uthenga womwewo umadya malo ambiri m'Chichewa, yankho limatha kudukira panjira msanga, ndipo likamatalika zolakwa zimawonjezeka kumapeto. Mudzaona mawu amodzimodzi akubwerezedwa, kapena Chingerezi chikuyamba kulowerera. Kapepala kathu ka mfundo zisanu kali bwino kukapempha kamodzi, koma chikalata cha masamba khumi chiduleni, muzipempha ndime ziwiri kapena zitatu pa nthawi, uku mukubwereza mawu a ntchito aja ulendo uliwonse.

Nanga muyembekezere zotani? Makinawa amamva chilankhulo chotere bwino kuposa mmene amachilembera, ndiye kuwapatsa uthenga wa Chichewa kuti akuuzeni mutu wake m'Chingerezi kumayenda bwinoko kusiyana ndi kuwapatsa wa Chingerezi kuti aulembe m'Chichewa. Pa uthenga waufupi wa tsiku ndi tsiku, monga kuitanira anthu ku msonkhano, yembekezerani chinthu chofuna kukonza mawu awiri atatu. Pa nkhani za luso ngati ya mankhwala ija, yembekezerani poyambira chabe, pamene wodziwa chilankhulo ndi ntchitoyo adutsemo mzere uliwonse. Miyambi, ndakatulo ndi nthabwala ndiye musadalire n'komwe, chifukwa makina amatha kukupatsani mwambi wopeka wovala bwino ngati wa makolo.

Ngati inuyo chilankhulocho simuchidziwa, ndipo palibe woti akuwerengereni, kapepala ka mlingo wa mankhwala musakagawe. Ndi bwino kusonkhanitsa alimiwo, lebulo ili m'manja, wina wodziwa zilankhulo zonse ziwiri afotokoze pakamwa, mlingo wa mamililita 30 uja n'kuuyeza pamaso pawo.