Kuseweretsa PS5 pa invata ndi batire magetsi akathima, osaiwotcha

Musanagule chilichonse werengani kaye mawati. PS5 gemu ikakhala pakati imadya pafupifupi 200W, tivi ya mainchi 43 ikani 70W, zonse 270W. Invata ya 600W kapena 1000W ikukwanira bwinobwino, zikuluzikulu zija mungotayirapo ndalama. Chofunika pabokosi palembedwe Pure Sine Wave. Zotchipa zolembedwa Modified zimatulutsa magetsi odumphadumpha, makina amatha kuyaka inde koma mumamva kakulira kenakake mkati ndipo amatentha, ine sindingaikepo chinthu chodula chonchi. Ndipo ngati kainvata kakukwana m'dzanja koma kalembedwa 3000W, ogulitsawo akukunamizani, kasiyeni.

Batire ikhale ya sola, osati ya galimoto, ya galimoto siichedwa kufa mukamaikhetsa tsiku ndi tsiku. Masamu ake ndi awa: 12V kuchulukitsa ndi 100Ah ndi 1200Wh, koma batire ya asidi kapena ya jelo mumangogwiritsa theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye 600Wh. Invata nayo imadyapo yake, mwina 15 pa 100 aliwonse, mwatsala ndi 510Wh. Gawani ndi 270 muja mupeza kuti simukufika ndi maola awiri omwe. Mukufuna maola anayi? Mabatire awiri akufikitsani pafupi, pomwe ya lifiyamu ya 100Ah, yomwe mumatha kuikhetsa mpaka 80 pa 100 osaipweteka, ikupatsani cha m'maola atatu. Pogula inyamuleni kaye, ya jelo ya 100Ah yeniyeni imalemera cha m'makilo 30, ikakhala yopepuka dziwani kuti sitika yokhayo ndiye ya 100Ah.

Tsopano mawaya, apa ndiye ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe zinandivuta. Invata yanga inabwera ndi timawaya toonda tokhala ndi zopanira kumapeto. Ndikayatsa zonse zinkayenda, koma gemu ikangofika potentha invata kuyamba kulira kuti batire yatha kenako phi, kuzima, chonsecho batire yachajidwa tsiku lonse. Nkhani yake ndi yoti kumbali ya 12V kumadutsa moto wambiri. Kuti itulutse 270W invata imakoka pafupifupi 320W kubatire, mukagawa ndi 12 ndi maampu 26 kapena kuposa. Waya wa 2.5mm wotalika mamita awiri kupita ndi awiri kubwerera umataya cha m'ma 0.7V pa moto umenewo, zopanira zija nazo zimataya ina, ndiye invata imaona volteji yotsika kuposa yomwe ili pabatire, ndipo zambiri zimazima zikafika cha m'ma 10.5V.

Kudziwa kwake nkosavuta. Gemu ikuyenda, yezani ndi malitimita, kachipangizo koyezera volteji, pamitu ya batire, kenako yezani pomwe mawayawo alowera ku invata. Zikasiyana ndi theka la volti kapena kuposa, vuto ndi waya kapena polumikiza. Gwiraninso wayayo, ngati yafunda ndi umboni wina. Ikani wa kopa wa 16mm wosapitirira mita imodzi, womangidwa ndi mabauti osati zopanira, ndipo pa waya wofiira pafupi ndi batire pakhale fyuzi ya 50A. Samalani ndi waya wina wonenepa chikopa chokha, mkati muli aluminiyamu wopakidwa mtundu wa kopa, mukapala ndi mpeni amaoneka woyera.

Ngati invata yanu ndi yochaja yokha, yomwe imasintha magetsi akathima, iikeni pa setingi yolembedwa UPS, yomwe imasintha mwachangu. Ikakhala kwinako imachedwa kusintha ndipo PS5 imazima ndithu, mukayatsa imayamba yakonza kaye sitoreji, nthawi zina sevu kuonongeka. Yesani pozimitsa swichi yapakhoma muli pa menyu, osati pakati pa gemu.

Za volteji yokwera, nthawi yoopsa ndi pomwe magetsi akubwerera. Kukhoma muyambe ndi gadi wa volteji, uja amadula moto ukakwera kapena kutsika kwambiri nkudikira kaye asanaubwezere, wa tivi amachita, wa filiji amangodikira nthawi yaitali. Kenako saji pulotekita, kenako invata, makina ndi tivi kumapeto. Saji pulotekita yokha imangogwira kugunda kwa kanthawi kochepa, ndipo pa soketi yopanda waya wa ethi chitetezo chake nchoperewera, kanyali kake kakazima gulani ina. Mphenzi imathanso kulowera pa waya wa dishi kapena wa eriyo nkudzera pa HDMI, ndiye kukamagunda ingozulani zonse.

Invata musaibaye mu soketi yapakhoma kuti nyumba yonse iyake, motowo umabwerera ku mawaya akunja ndipo ukhoza kupha munthu amene akukonza. Batire ikhale popita mphepo, ndipo muziichaja tsiku lomwelo mwaigwiritsa ntchito.