Mmene ndinakonzera phunziro la nthawi yakale m'Chingerezi

Ana anga a Sitandade 5 kuno ku Lilongwe ankalemba walk ponena za dzulo, ndipo ndikafotokoza m'Chingerezi chokha ankangondiyang'ana, koma ndikalankhula Chichewa chokha Chingerezi sichinkatuluka pakamwa pawo. Ndinasintha chikonzero pogawa mphindi. Mphindi 5 zoyamba ndinayerekeza m'Chichewa "ndimayenda" ndi "ndinayenda", kuwasonyeza kuti ife timaika chizindikiro cha nthawi patsogolo pa tsinde la mneni, pamene Chingerezi chimaika -ed kumapeto. Kenaka Chichewa ndinachisiya, ana nkumafunsana awiriawiri m'Chingerezi zimene anachita dzulo. Wina atanena goed sindinakhumudwe, chifukwa zinasonyeza kuti lamulo walimva, choncho went ndi ate ndinazisungira phunziro la mawa lake.