Zilembo zakuda pamdima mu Outlook

"Ndayatsa Dark Mode mu Outlook pa kompyuta, koma makalata ena amene ndikulandira sakuwerengeka, zilembo ndi zakuda, kumbuyo kwakenso ndi kwakuda. Nditani?"

Choyamba tsimikizani kuti mawuwo alipodi. Dinani mkati mwa kalatayo, kenako Ctrl+A. Zilembo zikaonekera zitasankhidwa, ndiye kuti kalatayo ili bwino, vuto ndi mtundu basi.

Gwero lake nthawi zambiri limakhala kwa wotumiza. Kalata wamba sinena mtundu wa zilembo, choncho Outlook imaziyeretsa yokha pamdima. Koma wina akakopera mawu kuchokera mu Word kapena patsamba la intaneti, mtundu wakuda umatha kumatirira m'kalatamo, ndipo pulogalamu ikalephera kuutembenuza, kumbuyo kokha ndi kumene kumada. N'chifukwa chake mumapeza moni ukuwerengeka koma ndime yomatidwayo yasowa.

Tsono pamwamba pa kalatayo, pafupi ndi Reply, pali kachizindikiro ka dzuwa. Kadineni, kumbuyo kwa uthenga kuyera pomwepo.

Ngati zikuchitika kawirikawiri, ine ndingati musamavutike ndi kudinadina. Mu Outlook ya classic, pitani ku File, Options, General, muchonge Never change the message background color, mudine OK. Outlook yonse ikhalabe yakuda, malo owerengera okha ndi amene akhale oyera. Usiku kumathobwa m'maso pang'ono, komabe kalata ikuwerengeka.

Wotumizayo ngati mumadziwana naye, muuzeni aziika mtundu wa zilembo pa Automatic, ndipo pomata mawu azisankha Keep Text Only.