Tayala laphulika uli pa liwiro: chitani izi

"Tayala likaphulika ndili pa 100 pamsewu wa M1, nditani?"

Musaponde buleki, apo ndi pomwe galimoto zambiri zimagudubuzikira. Gwirani chiwongolero ndi manja onse awiri, muyang'ane kutsogolo, phazi lichoke pa mafuta pang'onopang'ono.

Likakhala lakutsogolo, chiwongolero chimalemera ndipo galimoto imakokera kumbali yomwe laphulikirayo. Limbanani nayo mofatsa kuti ikhale mumzere wake. Lakumbuyo ndi lachinyengo: kumbuyo kumayamba kupepeluka uku ndi uku, ndipo mukakhotetsa mwamphamvu galimoto imazungulira. Wongolani pang'ono chabe.

Liwiro likatsika kufika cha pa 40, pondani buleki mopepuka, yatsani mahazadi, mupatukire kumanzere pamalo athyathyathya, ngakhale limu iwonongeke. Okwera atsikire kumanzere, ndipo muike matrayango kutsogolo ndi kumbuyo.