Momwe mungakonzere webusaiti ya bungwe yolandirira thandizo ndi kuonetsa malipoti a ntchito

Musanaitane mnyamata wa makompyuta, yambani mwakhala pansi ndi msungichuma wa bungwe lanu. Munthu amene akufuna kupereka ndalama akatsegula webusaiti yanu amakhala ndi mafunso atatu m'mutu: bungweli lilipodi, ndalama yanga ikalowa kuti, nanga zomwe anapereka anzanga m'mbuyomu zinagwira ntchito yanji? Mayankho a mafunso amenewa ali m'mabuku a msungichuma, ndipo wokonza webusaiti ntchito yake ndi kungowaika poonekera. Ine ndinayendetsa ntchitoyi ku bungwe laling'ono lokonza mijigo ndi kulipirira ana sukulu, ndiye zomwe ndikulembazi ndi za mabungwe a msinkhu umenewo.

Choyamba sonkhanitsani mapepala. Ngati munalembetsa ku NGORA, yomwe inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022, nambala ya satifiketi yanu ioneke m'munsi mwa tsamba lililonse. Ngati ndinu mamembala a CONGOMA, nenani. Ngati ndinu bungwe la kumudzi lolembetsedwa kwa DC kokha, lembani choncho, musadzikweze, chifukwa wofufuza amaimba foni n'kufunsa. Onjezani komwe kuli ofesi, mofotokoza bwino moti munthu wa kabaza atha kufikako, komanso maina a akuluakulu a bodi ndi maudindo awo, iwo atavomera.

Kenako dzina la webusaiti, lomwe amati domeni. Mutha kutenga lothera ndi .org kapena .org.mw. Maina a .mw amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, pomwe la .org mumagula pa intaneti ndi kadi, ndipo kawirikawiri mtengo wake sudutsa madola 20 pachaka. Apa chenjerani nawo anthu ena okonza mawebusaiti. Amakuuzani kuti "zonse tisiyireni," kenako dzinalo n'kulilembetsa pa imelo yawo. Chaka chikatha amatchula mtengo womwe afuna, ndipo mukakana webusaiti imazima pamodzi ndi maimelo a bungwe. Domeni ili ngati chikalata cha malo: ikhale m'dzina la bungwe, pa imelo ya bungwe, pasiwedi isungidwe ndi anthu awiri. Musalipire gawo lomaliza la ndalama musanalowe nokha mu akaunti ya domeniyo. Wina akakulembaninso bilu yonenepa ya kaloko kachitetezo kaja ka https, dziwani kuti bungwe la Let's Encrypt limapereka satifiketi ya kalokoko ulere, ndipo makampani ambiri osunga mawebusaiti amaiyatsa okha.

Tsopano tifike pa kalandiridwe ka ndalama, pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pomwe ife panatikolera.

Za akaunti ya kubanki ya dzina la bungwe, yosainira anthu awiri, ndikukhulupirira muli nayo kale. Koma Amalawi ambiri sapita kubanki kukaika K5,000. Amatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba ali pakhomo. Musaike nambala ya wapampando kapena ya mlembi pa webusaiti. Pitani ku kampani ya foni ndi satifiketi ya bungwe ndi kalata ya bodi, mupemphe nambala ya bizinesi, kuti wotumiza akamatsimikiza aone dzina la bungwe pa foni yake. Munthu akaona dzina la munthu wamba m'malo mwa la bungwe amabwerera, ndipo sindimuda.

Ife tinali nayo nambala yotere, ndipo tinali ndi ntchito ziwiri pa nthawi imodzi, ina ya mjigo wa pasukulu ina, ina ya fizi ya atsikana a sekondale. Pa webusaiti tinalonjeza kuti ndalama ya mjigo ipita ku mjigo. Ndalama zinabwera, tinasangalala. Mwezi utatha msungichuma anatulutsa sitetimenti, ndipo zinalipo zinali manambala a foni, masiku ndi ndalama basi. Palibe pomwe panalembedwa kuti iyi ndi ya mjigo, iyi ndi ya fizi. Choonjezera apo, abale athu a ku Joni ankatumiza ndalama pa Mukuru kwa msuweni kuno kumudzi, msuweniyo n'kutiponyera pa foni yake, ndiye nambala yomwe inkaoneka sinali ya mwini ndalama. Mayi wina wa kumpingo anabwera ndi foni m'manja, akuonetsa uthenga wa K20,000 yomwe mwana wake anatumiza, n'kufunsa kuti, "Abambo, ndalama ya mwana wanga ija yagula chiyani?" Ndalamayo inalipo ndithu m'akaunti, koma sitinathe kuwauza kuti yalowa ku ntchito iti. Tinachita kuimbira manambala aja imodziimodzi, ena osayankha, ena akumatiyesa akuba a pafoni.

Mmene mungapewere zimenezi ndi kupereka chizindikiro chachifupi ku ntchito iliyonse, monga `MJIGO` ndi `FIZI`, ndipo ntchito iliyonse ikhale ndi tsamba lake ndi batani lake lopereka. Wolipira kubanki alembe chizindikirocho pamalo pa `Reference`. Wotumiza pa foni apeze kafomu pansi pa nambala, kofunsa zinthu zinayi zokha: dzina, nambala yomwe watumizira, ndalama yake, ndi ntchito yomwe akufuna kuthandiza. Ena sadzaza fomu, ndiye ikaninso batani la WhatsApp lotumizira uthenga wotsimikiza uja. Ndipo lembani poyera chiganizo ichi: "Ndalama yofika popanda chizindikiro idzalowa m'thumba la ntchito zonse za bungwe." Chiganizochi chimathetsa mikangano isanayambe.

Lachisanu lililonse msungichuma atenge sitetimenti ndi mafomu, azifananitse mzere ndi mzere mu Excel kapena Google Sheets, kenako atumize risiti kwa aliyense wopereka. Musadikire kutha kwa mwezi, anthu amakhala ataiwala. Khulupirirani sitetimenti yokha, osati uthenga wa pafoni. Nambala yanu ikangofika pa intaneti, ayamba kubwera aja otumiza uthenga wabodza n'kuimba akulira kuti atumiza molakwika, muwabwezere. Wogwira foni ya bungwe auzidwe kuti sabweza tambala iliyonse asanaone kuti ndalamayo inalowadi.

Njira yochepetsa ntchito yonseyi ndi kugwiritsa ntchito kampani yolandirira malipiro a pa intaneti, monga PayChangu ya konkuno, yomwe imalandira Airtel Money, Mpamba ndi makadi. Wopereka amasankha ntchito pa webusaiti, amalipira pomwepo, ndipo inu mumaona dzina, ndalama ndi ntchito zili pamodzi. Makampani otere amadulapo kangachepe pa ndalama iliyonse, ndiye musanasaine funsani kuti amadula zingati pa foni ndi pa kadi, ndalama imatenga masiku angati kuti ifike kubanki kwanu, komanso ngati kadi yakunja imadutsa. Mayankho akupatseni polemba. Nambala ya foni ija musaichotse, chifukwa agogo ena sangadzaze kalikonse pa intaneti.

Opereka akunja ali ndi nkhani yawo. Mapulagini, timapulogalamu toonjezera pa webusaiti, ambiri olandirira thandizo amadalira kampani ya malipiro a pa intaneti ya Stripe, yomwe sitsegulira akaunti mabungwe olembetsedwa m'Malawi, ndiye wokonza webusaiti asakugulitseni chinthu chomwe sichidzagwira ntchito. Wopereka ndalama zambiri mupatseni nambala ya akaunti ndi SWIFT ya banki yanu, ndipo funsani ku banki za akaunti yosunga madola. Kwa opereka pang'onopang'ono pali GlobalGiving, webusaiti yosonkhanitsira mabungwe thandizo, yomwe imafufuza kaye bungwe isanalilandire, imadulapo gawo lake, ndiponso imafuna malipoti pafupipafupi. Pa ndalama iliyonse yakunja lembani tsiku lomwe munasintha ndi mtengo wa dola tsikulo. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mabajeti olembedwa mwezi wam'mbuyo anasanduka mapepala chabe. Wopereka wa ku Mangalande sangamvetse chifukwa chake mapaipi akwera mtengo ngati simunamuonetse masiku.

Tsamba la malipoti ndi lomwe limabweretsanso wopereka kachiwiri. Ambiri amangoponyapo PDF ya masamba 30 yodzadza ndi mawu a m'mawekishopu, yomwe palibe angawononge bandulo yake kuitsitsa. PDF ikhalepo kwa oifuna, pamodzi ndi lipoti la odita ngati muli nalo, koma nkhani yeniyeni ilembedwe pa tsamba penipeni. Tiyerekeze ntchito yokonzanso mjigo wa Afridev. Mulemba mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, tsiku lomwe mjigo unafa, chomwe chinaonongeka, ndi tsiku lomwe madzi anatulukanso. Kenako ndalama: talandira K1,500,000, makampani olandirira ndalama adula K45,000, mapaipi, ndodo ndi marabala K820,000, mmisiri K300,000, mayendedwe K150,000, maphunziro a komiti ya mjigo K100,000. Zatsala K85,000, ndipo munene komwe zapita, kaya zasungidwira zipangizo za mjigo womwewo kaya zasamukira ku wina. Wowerenga amaonkhetsa yekha pa foni, ndiye masamu agwirizane mpaka kwacha yomaliza.

Mayendedwe ndi malipiro a ogwira ntchito musawabise m'kati mwa "zipangizo". Aliyense amadziwa kuti galimoto siyendera madzi, ndipo lipoti lopanda mafuta ndi lomwe limakaikitsa. Chimodzimodzi zolephereka. Ngati mvula inadula msewu ntchito n'kuchedwa mwezi wathunthu, kapena mjigo unafanso, lembani ndi zomwe mwachitapo. Opereka okhazikika amakhululuka kuchedwa, koma kumva nkhaniyo kwa munthu wina sakhululuka.

Zithunzi zikhale za malo omwewo ntchito isanayambe ndi itatha, zokhala ndi tsiku. Ana musawajambule popanda chilolezo cha makolo, ndipo dzina lonse la mwana wolipiriridwa fizi lisaoneke. Ine zithunzi za ana akulira atavala nsanza sindizifuna n'komwe pa webusaiti ya bungwe. Anawo amakula, zithunzi zikadali pompo. Chithunzi chilichonse chichepetsedwe chisapitirire 200 KB, ndipo pa marisiti ojambulidwa fufutani manambala a foni a anthu.

Zotsalazo ndi zachizolowezi. WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, ndi yokwanira, ndipo masamba akuluakulu asanu akukwanirani: loyamba, za bungwe, ntchito ndi malipoti, kupereka, ndi kulumikizana nanu. Maina ndi manambala a opereka musawagawe, Malawi ili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, ndipo dzina la wopereka lioneke pokhapokha iye atalola. Sungani kope la webusaiti mwezi ndi mwezi. Sankhani munthu mmodzi wa mu ofesi woika lipoti pa miyezi itatu iliyonse, ndipo wokonza webusaiti amuphunzitse asanalandire ndalama yomaliza.

Musanalengeze pa Facebook, mupatseni mnzanu yemwe sanaionepo webusaitiyo foni yotchipa ndi K1,000, apereke ku ntchito imodzi inu musakumuuza podina. Muyeserenso pa netiweki inayo. Lachisanu likafika, onani ngati msungichuma wapeza ndalamazo pansi pa ntchito yoyenera ndipo risiti yafika kwa mwini wake.